Chidziwitso Chilankhule Ngati Munthu

Pali alembi a makomiti amene pakamwa pawo pamatuluka Chichewa chokoma. Akaima pamsonkhano kufotokoza nkhani, ngakhale gogo wa kumbuyo amagwedeza mutu kuti wamva. Koma munthu yemweyo mukamupatsa cholembera kuti alembe chidziwitso chokamata pa mtengo wa kusukulu, kapena uthenga wotumiza pafoni kwa anthu a m'mudzi, amasanduka wina. Mawu amauma gwa. Ziganizo zimatalika mpaka woziwerenga kuthedwa mpweya. Anthu amene amadya nawo limodzi pamaliro amasanduka "anthu onse okhudzidwa", ndipo pempho limamveka ngati chisamani cha kukhoti.

Alembi otere salemba choncho chifukwa cha mwano. Ambiri amakhulupirira kuti umu ndi mmene cholembedwa chaulemu chiyenera kumvekera. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi kumene chinachokera. Ngakhale Chichewa chinalandira udindo wa chiyankhulo cha fuko mu 1968, ntchito za m'maofesi m'Malawi zakhala zikuyenda m'Chingerezi. Makalata, mafomu ndi zidziwitso zambiri zimayamba zalembedwa m'Chingerezi cha muofesi, kenako wina n'kuzitembenuza liwu ndi liwu. Tazimva zoterezi kwa zaka zambiri mpaka khutu linazolowera, moti ngakhale mlembi wa komiti ya mjigo, amene sakumasulira chilichonse, amalemba ngati akumasulira.

Chodabwitsa n'chakuti eni ake Chingerezicho anayamba kalekale kulimbana ndi kalembedwe kameneka. Mu 1979, mayi wina wa ku Britain, Chrissie Maher, anakadula tizidutswatizidutswa mafomu a boma pabwalo la pafupi ndi nyumba ya malamulo mumzinda wa London, posonyeza kukwiya kuti anthu wamba sankamva zolembedwamo. Ku America kunakhazikitsidwa lamulo mu 2010 lolamula nthambi za boma kulembera anthu m'mawu osavuta, ndipo ku South Africa lamulo loteteza ogula la 2008 limafuna kuti zikalata zopita kwa ogula zikhale m'chiyankhulo chomveka. Ife tikusunga mosamala chinthu chimene eni ake akuchitaya.

Nkhaniyi imamveka bwino ikagwiridwa ndi manja, choncho tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchisenda mpaka pamtima. Tinene kuti mjigo wa pafupi ndi sukulu wayamba kuvuta, komiti yakumana, ndipo mlembi walemba izi:

"CHIDZIWITSO. Anthu onse ogwiritsa ntchito mjigo akudziwitsidwa kuti, malinga ndi mfundo zomwe zinamangidwa pa msonkhano wa komiti womwe unachitika pa 3 Meyi, ndipo potsatira ndime 7 ya malamulo oyendetsera mjigo, kwagamulidwa kuti banja lililonse likuyenera kupereka ndalama yokwana K2,000 yothandizira kukonzedwa kwa mjigowu pasanafike pa 20 Meyi. Kulephera kutsatira chidziwitsochi kudzapangitsa kuti njira zoyenera zitsatidwe. Mwa lamulo la komiti."

Mulibemo liwu lachilendo ngakhale limodzi. Onse ndi mawu a Chichewa, ndipo galamala yake ilibe banga. Nanga kuumako kukuchokera pati?

Werengani mokweza chiganizo choyambacho. Muli mawu oposa 40, ndipo mayi amene waima ndi ndowa pamutu ayenera kudutsa mawu oposa 30 asanafike pa chinthu chimene chikumukhudza, chomwe ndi K2,000. Mawu onse oyambirirawo akunena za komiti: inakumana liti, inatsata ndime iti, inagamula motani. Mlembi wayamba ndi zimene zili zofunika kwa iye, zomuteteza kuti wina asadzati ndalamazi wangozipeka. Wowerenga ali ndi mafunso ena. Chachitika n'chiyani? Mukufuna ndichite chiyani? Ndipereke kwa yani, ndipo liti? Chidziwitso chouma chimayankha mafunso a wolemba, pamene chochezeka chimayankha mafunso a wowerenga, motsatana mmene iye angawafunsire.

Kenako yang'anani aneni ake: akudziwitsidwa, zinamangidwa, kwagamulidwa, kukonzedwa, zitsatidwe. Onsewa ndi aneni obisa wochita. Wadziwitsa ndani? Wagamula ndani? Akonze ndani? M'chidziwitso chonsecho mulibe "ife" ndipo mulibe "inu". Zinthu zikungochitika zokha ngati mvula. Apa ndi pamene pagona kuuma kwenikweni, ndipo pa nkhani ya ndalama n'koopsa, chifukwa anthu akapanda kuona nkhope ya wopempha amayamba kukayika kumene ndalamazo zikupita. Komiti ya mjigo ndi anthu odziwika, osankhidwa ndi mudzi womwewo. Ikalemba kuti "tagwirizana" ndi "tikupempha", ikuima poyera n'kuvomera kuti idzayankha ikafunsidwa.

Aneni oterewa si oipa paliponse ayi. Ali ndi malo ake, makamaka pamene simukufuna kuchititsa munthu manyazi pagulu. "Mjigo unasiyidwa wosakhoma usiku wathawu" ndi chiganizo chabwino, chifukwa chikudzudzula mchitidwe osaloza munthu chala. Vuto limabwera pamene wobisikayo ndi inu eni, kapena pamene wowerenga akufunika kudziwa amene achite ntchitoyo.

Palinso chizolowezi chosandutsa ntchito kukhala dzina. M'malo mwa "tikonze mjigo" timalemba "kukonzedwa kwa mjigo". M'malo mwa "lipirani" timati "pangani malipiro", m'malo mwa "tithandizeni" timati "perekani thandizo". Palibe amene amalankhula chonchi kwa mnansi wake. Mukapeza "kupanga" kapena "kupereka" atanyamula dzina kumsana, funsani ngati palibe mneni mmodzi amene angagwire ntchito ya onse awiri. Nthawi zambiri alipo.

Koma chiganizo choipitsitsa ndi chomaliza chija, chakuti njira zoyenera zitsatidwe. Chimaopseza popanda kunena kanthu. Wina aganiza kuti atengeredwa kwa amfumu, wina kuti alandidwa ndowa, wina angoseka podziwa kuti palibe chichitike. Amene amachita mantha ndi chiganizo chotere nthawi zambiri ndi wosauka amene amafunadi kupereka, pamene wozemba mwadala sachimva n'komwe.

Tsono tichikonze bwanji? Ambiri amayamba ndi kusinthanitsa mawu, kuchotsa "malinga ndi" n'kuikapo "monga", kuwonjezera "chonde" kumayambiriro ndi "zikomo" kumapeto. Izi sizifika patali, chifukwa mafupa a chiganizocho amakhala ali omwe aja. Njira yomwe imagwira ntchito ndi kutembenuza pepalalo chafufumimba, n'kupeza munthu mmodzi weniweni mwa amene adzaliwerenge, n'kumuuza nkhaniyo pakamwa. Akhale munthu amene sanali pamsonkhano. Mukamufotokozera, iye ayamba kufunsa, ndipo mafunso akewo ndiwo chuma chimene mukufuna.

Pa nkhani ya mjigoyi, mayi amene mwamupezayo afunsa kuti, "Kodi chawonongeka n'chiyani?" Mumuyankha kuti labala za m'kati zatha ndipo paipi imodzi yang'aluka. "Nanga K2,000 mwaipeza bwanji?" Mumuuza kuti zipangizo ndi malipiro a wokonza zikukwana K120,000, ndipo mabanja otunga pamenepo alipo 60. "Ndikapereke kwa ndani?" Kwa msungichuma. "Nanga ndikapanda kuipeza yonse?" Apa mwina mukhala kaye chete, chifukwa komiti sinakambirane zimenezo.

Taonani zimene zatuluka. Chidziwitso chija chinali chachitali, koma munalibe choyambitsa vuto, munalibe chiwerengero chonse cha ndalama, munalibe wolandira ndalamazo. Kalembedwe kouma kamabisa mipata yotere chifukwa kamamveka kolemera ngakhale kali kopanda kanthu. Mukayamba kulemba ngati mukulankhula ndi munthu, mipatayo imaonekera yokha. Ichi n'chifukwa chake kufewetsa chidziwitso nthawi zina kumakubwezani kwa wapampando ndi anzake kukafunsa, ndipo muyenera kupitadi. Mlembi asadzaze mpata ndi maganizo ake.

Funso lina lofunika kupita nalo ku komiti ndi la tsiku. "Pasanafike pa 20 Meyi" kwenikweni akutanthauza kuti tsiku lomaliza ndi pa 19. Kodi ndi zimene komiti imafuna? Kapena imafuna kunena kuti pofika pa 20? Kusiyana kwake ndi tsiku limodzi lokha, koma tsiku limodzilo likhoza kuutsa mkangano pa mjigo pamene wina wabwera ndi ndalama yake pa 20 n'kuuzidwa kuti wachedwa. Tinene kuti komiti yayankha kuti pa 20 pomwepo ndiye pothera, yavomera kuti ovutika apereke kawiri, ndipo yakumbutsa kuti ndime 7 ija imati wosapereka amayamba waima kutunga. Tsopano mlembi akhoza kulemba:

"Amayi ndi abambo nonse otunga pa mjigo wa kusukulu, moni. Mwaona nokha kuti masiku ano tikumapopa nthawi yaitali madzi asanatuluke. Wokonza mijigo wabwera kudzauona, ndipo wapeza kuti labala za m'kati zatha komanso paipi imodzi yang'aluka. Zipangizo ndi malipiro ake zikwana K120,000. Otunga pano tilipo mabanja 60, choncho tikupempha banja lililonse lisonkhe K2,000.

"Kaperekeni kwa amayi msungichuma wathu, ndipo musachoke osalandira lisiti. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu pa 20 Meyi. Ngati zavuta kuipeza yonse pakamodzi, kaonaneni nawo tsikuli lisanakwane kuti mugwirizane zopereka kawiri. Monga tinapanganira tonse m'malamulo athu, banja lomwe silidzapereka komanso silidzanena kanthu lidzayamba laima kutunga mpaka litapereka. Zikomo. Ndife anzanu a komiti ya mjigo."

Chachiwirichi n'chachitali kuposa choyamba, ndipo palibe cholakwika. Anthu ambiri amaganiza kuti kufewetsa ndi kufupikitsa, koma si nthawi zonse. Chafupika ndi chiganizo chilichonse pachokha, pakuti chilichonse chanyamula mfundo imodzi kapena ziwiri zomwe munthu angazinene ndi mpweya umodzi. Malo amene anadyedwa ndi tsiku la msonkhano ndi nambala ya ndime tsopano alowa zinthu zimene wowerenga amazifuna.

Chiganizo chachiwiri chija, chakuti "mwaona nokha", ndicho chagwira ntchito yaikulu kuposa zonse. Chayambira pa chinthu chimene wowerenga akuchidziwa ndi manja ake, kulemera kwa chogwirira cha mjigo m'mawa uliwonse. Asanamve za ndalama wavomereza kale kuti vuto lilipo. Ndipo masamu aikidwa poyera: mabanja 60 kuchulukitsa ndi K2,000 ndi K120,000, mwana wa Sitandade 6 akhoza kutsimikiza. Mawu otsekemera sangagule chikhulupiriro chimene masamu oonekera amabweretsa.

Onaninso kuti chilango sichinachotsedwe. Chatchulidwa dzina lake, chabwera pambuyo pa njira yothandizira wovutika, ndipo chakumbutsidwa ngati pangano la tonse. Chidziwitso chochezekachi n'cholimba kuposa chouma chija, chifukwa aliyense akudziwa chimene chidzachitike pa 21 Meyi.

Tsopano za dzenje la mbali inayo, lomwe achinyamata ambiri amagweramo akauzidwa kuti alembe momasuka. Wina akhoza kulemba kuti: "Akuluakulu, kamjigo kathu kaja kadwala, tiyeni tiponyeko kangachepe tikapeza mpata. Paja mutu umodzi susenza denga!" Mawuwa ndi okoma kumva, koma ntchito aitaya. "Kangachepe" wadya K2,000, "tikapeza mpata" wadya 20 Meyi, ndipo chimene chinali udindo wa banja lililonse chasanduka chopereka mwaufulu. Wobwera ndi K200 mwezi wa mawa sadzalakwa, chifukwa wachita zimene anauzidwa. Mwambiwo ndi woona, koma sunena kuti ndalama zikaperekedwe kwa yani.

Choncho musanayambe kulembanso, lembani pambali zinthu zomwe siziyenera kusuntha: ndalama, tsiku, malo, wolandira, ndi chotsatira chake. Mukamaliza, bwererani kukaziwerenga chimodzichimodzi ngati zonse zafika. Samalani makamaka ndi timawu tonena kulemera kwa nkhani. "Muyenera", "tikupempha" ndi "mukhoza" si liwu limodzi. M'chitsanzo chathu tagwiritsa ntchito "tikupempha" m'malo mwa "likuyenera", ndipo zatheka chifukwa chakuti kumapeto kwanenedwa poyera zomwe zidzachitikire wosapereka. Mukachotsa chiganizo chomalizacho, "tikupempha" yekha sangasenze katunduyo, ndipo muyenera kubwezeretsa "muyenera".

Kuchezeka sikutanthauzanso kuvula ulemu. Pa ichi Chichewa chinatipatsa mwayi, chifukwa ulemu wake suli m'ziganizo zazitali. Uli mu "inu", mu "a" wa patsogolo pa dzina kapena udindo, mu moni, mu "kaonaneni nawo" m'malo mwa "kamuoneni". Mukhoza kudula chiganizo cha mawu 40 kukhala zinayi osataya ulemu ngakhale pang'ono, bola timawu timeneti tikhalepo. Koma mukalemba "iwe" kwa gulu lomwe muli apongozi anu, kapena kugwiritsa ntchito mawu a pa siteji ya minibasi kwa akulu a mpingo, mwalumpha malire. Muyeso wabwino ndi kuganizira munthu wamkulu kuposa onse amene adzawerenge, n'kulemba mmene mungalankhulire mutakhala pansi pakhonde pake: momasuka, molunjika, koma mawondo atapindidwa.

Amene akuopa kuti Chichewa cha tsiku ndi tsiku sichingasenze nkhani yolemera aganizire za Baibulo. Buku Lopatulika la 1922 linatsatira kwambiri kamangidwe ka ziganizo za ziyankhulo zomwe linamasuliridwako, ndipo ambiri timalikonda ndi kamvekedwe kakeko. Koma mipingo inaona kuti pakufunikanso lina m'Chichewa chimene anthu amalankhula lero, ndipo Buku Loyera linatuluka mu 1998. Ngati mawu a paguwa angathe kunenedwa m'chiyankhulo cha pakhomo, chidziwitso cha mjigo sichingalephere.

Pali zolembedwa zina zomwe simuyenera kuzifewetsa mwachisawawa. Pangano la ngongole, chikalata cha malo, kapena malamulo a banki nkhonde amene mamembala anasayinira, mawu ake ndi amene adzawerengedwe tsiku la mlandu. Mukawasintha kuti amveke bwino, mukhoza kusintha pangano lenilenilo osadziwa. Zoterezi zisiyeni mmene zilili, ndipo m'munsi mwake kapena pa pepala lina lembani kuti "Mwachidule, izi zikutanthauza kuti..." n'kufotokoza m'mawu a tsiku ndi tsiku. Ngati malamulowo ndi oumadi moti mamembala sawamva, asinthidwe pamsonkhano ndi onse, osati ndi mlembi yekha usiku kunyumba kwake. Chimodzimodzi malangizo a kamwedwe ka mankhwala: mawu ozungulira mukhoza kuwafewetsa, koma mlingo ndi nthawi zikhale ndendende mmene wachipatala ananenera. Uthenga wa maliro nawonso uli ndi kayendedwe kake komwe anthu amakayembekezera, ndipo kuupeputsa n'kulakwira anamfedwa.

Malo amene uthengawo ukawerengedwe nawonso amalamula. Wa pafoni umawerengedwa mothamanga, pagalasi laling'ono, mwina munthu ali pa kabaza, ndipo nthawi zambiri mizere yoyamba yokha ndi imene imaoneka asanautsegule. Kumeneko ndalama ndi tsiku zisakhale kutali ndi moni, ndipo ndime zikhale zazifupi. Wokalengezedwa kutchalitchi kapena kumzikiti umamvedwa kamodzi kokha, wakumva sangabwerere m'mbuyo, choncho ndalama ndi tsiku zinenedwe kawiri, pakati ndi pothera. Wokamata pa mtengo ukhoza kukhala wathunthu monga tauonera pamwambapa, koma K2,000 ndi 20 Meyi zilembedwe mokulirapo kuti wodutsa azione ali chiimire.

Mungadziwe bwanji kuti mwakhoza? Musafunse munthu kuti "Mwamva?" chifukwa mwaulemu wathu ayankha kuti wamva ngakhale sanamve. Muwerengereni kamodzi, pindani pepalalo, kenako mufunseni kuti, "Ndiye mukauza chiyani a kunyumba?" Akatchula ndalama, tsiku ndi wolandira osaphonya, chidziwitsocho chapsa. Akayamba ndi "akuti kaya komiti inakumana...", mfundo yaikulu ikadali yokwiririka. Akaseka n'kunena kuti "tidzaona tikapeza", mwafewetsa mopitirira. Ndipo inu eni powerenga mokweza, paliponse pamene lilime lapunthwa kapena mpweya wakutherani pakati, ikani mpumiro n'kuyamba chiganizo china.

Inu alembi a makomiti a sukulu, a mipingo, a mijigo ndi a magulu a alimi, chidziwitso chotsatira chimene mulembe musachimate msanga. Yambani mwachiwerengera munthu mmodzi amene sanali pamsonkhano, ndipo mafunso onse amene akufunseni mukawayankhe m'chidziwitsomo.